Chigayo chakale chogulidwa pakati pa chaka: mtengo wake uchepetsedwe motani m'mabuku?

Amene amagula makina akale amafulumira kufunsa ngati akulira bwino, ngati sakutaya mafuta, ngati mota yake sinapserepo. Amenewa ndi mafunso oyenera. Koma pali funso lina limene limadikira mpaka tsiku lotseka mabuku: pa ndalama zonse zimene zinapita ku makinawa, ndi zingati zimene tiziwerengere kuti zadyeka m'chaka chino? Akauntanti amati imeneyi ndi dipurisiyeshoni, kutha kwa mtengo wa katundu pamene akugwira ntchito. Mukaiphonya, phindu limene mukuliona pa pepala si lenileni, ndipo mukhoza kugawana ndalama zimene kwenikweni ndi chitsulo cha makina anu chimene chaperepeseka.

Njira yosavuta kuposa zonse, imenenso mabizinesi ambiri amatsata, ndi ya mzere wowongoka. Mumatenga ndalama zimene zidzadyeke pa moyo wonse wa makinawo m'manja mwanu, n'kuzigawa mofanana pa zaka zimene adzakutumikireni. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chimene chimagwetsa anthu si kugawako, koma manambala amene amalowetsa m'masamuwo, makamaka katundu akakhala wogwiritsidwapo kale ntchito ndiponso akabwera chaka cha ndalama chitayamba kale.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, ndi mitengo yongoyerekezanso. Mayi wina wa ku Mponela wagwirizana ndi mlongo wake amene ali ku Joni kuti atsegule chigayo, phindu azigawana pakati. Mabuku awo amayamba pa 1 Epulo n'kutsekedwa pa 31 Malichi, monga momwe chaka cha ndalama cha boma la Malawi chakhala chikuyendera kuyambira mu 2022. Pa 20 Sepitembala 2024 mayiwa agula chigayo chamagetsi ku Lilongwe, kwa bambo amene anachigwiritsa ntchito zaka 6, pa mtengo wa K14,200,000.

Ambiri amalemba K14,200,000 imeneyi m'buku n'kuyamba kugawa. Apa mpamene kulakwa koyamba kumalowera. Mtengo wa makina m'mabuku si ndalama zokha zimene mwapereka kwa wogulitsa. Ndi ndalama zonse zimene mwawononga kufikira makinawo ataima pamalo pake, ali okonzeka kugwira ntchito imene munawagulira. Malamulo a akaunti amene mayiko ambiri amatsata pa nkhani ya nyumba, makina ndi zipangizo, otchedwa IAS 16, amanena zomwezi, ndipo malamulo ofewerapo amene anakonzedwera makampani ang'onoang'ono sasiyana nawo pamenepa.

Mayi athu analipira lole K450,000 kuti inyamule chigayocho kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mponela. Amisiri anawaka maziko a simenti, kumanga chigayo pamazikopo ndi kulumikiza mawaya, zonse K650,000. Ndiye panali mota. Wogulitsa sanabise kuti inali yofooka, ndipo inayenera kukulungidwanso mawaya atsopano isanayambe ntchito, zimene zinadya K900,000. Tikaphatikiza zinayi zonsezi, mtengo wa chigayocho m'mabuku ndi K16,200,000.

Ndikufuna tiime pang'ono pa K900,000 ya mota, chifukwa katundu wakale kawirikawiri amabwera ndi matenda ake. Kukonza kumene mwachita kuti makinawo ayambe kugwira ntchito m'manja mwanu kumalowa mu mtengo wake, poti popanda kukonzako mukanakhala ndi mulu wa zitsulo chabe. N'chifukwa chake wogulitsa anatsitsa mtengo: gawo lina la mtengo mwalipira kwa iye, gawo lina kwa mmisiri. Koma kukonza kwa masiku onse chigayo chitayamba kale kugaya ndi nkhani ina. Sefa ikang'ambika, lamba akaduka, mahamala akafumbwa, ndalama zogulira zatsopano ndi zowonongedwa m'chaka chomwecho, mofanana ndi magetsi ndi malipiro a anyamata. Sizionjezeredwa pa mtengo wa chigayo. Chimodzimodzinso ndalama zolengezera kuti chigayo chatsegulidwa kapena zophunzitsira wogayitsa, zimenezo sizilowa. Ngati pa risiti pali msonkho wa VAT umene bizinesi yanu ili ndi ufulu wobwezeredwa, uchotseni. Ngati simungabwezeredwe, ndi mbali ya mtengo.

Pali chinanso chimene wogula sayenera kuchilabadira, ndicho mabuku a wogulitsa. Mwina bambo a ku Lilongwe aja anagula chigayocho chili chatsopano pa ndalama zochepa kwambiri, kwacha isanagwe, ndipo m'mabuku mwawo chinatsala pang'ono kufika pa ziro. Zimenezo ndi zawo. Kwa mayi a ku Mponela kuwerengera kukuyamba mwatsopano, ndi ndalama zimene iwo atulutsa.

Nambala yachiwiri ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo ndi pamene ndimaona kuti munthu ayenera kutayapo nthawi: chigayochi chidzagwira ntchito zaka zingati? Funso si lakuti chigayo chamtunduwu chimakhala zaka zingati chikachoka ku fakitale. Funso ndi lakuti chigayo ichi, mmene chililimu, pa ntchito ya ku Mponela, chidzatumikira mwini wake watsopano kwa nthawi yotalika bwanji. Malaya a pa kaunjika akhoza kuoneka owala, koma wina anawavala kale, ndipo inu mwagula masiku amene atsala, osati masiku onse.

Ena amachita masamu ofulumira: chatsopano chimakhala zaka 10, chagwira kale 6, ndiye kwatsala 4. Poyambira pamenepo si poipa, koma si yankho. Chigayo chimene chinkagaya usana ndi usiku mu tauni chikhoza kukhala chotopa kuposa zaka zake, pamene china chimene chinkangoyatsidwa pa tsiku la msika chidakali champhamvu. Funsani mmisiri wodziwa zigayo, osati amene wakupezerani malondawo, poti iyeyo ali ndi kangachepe kake. Ayang'ane shafiti ngati siinapindike, maberingi ngati sakusewera, thupi la chigayo ngati silinawotchereredwe malo ambiri, ndiponso ngati zipangizo zosinthira za mtundu umenewo zikupezekabe m'masitolo. Makina amene zipangizo zake zinasiya kubwera amafa akadali olimba. Onjezanipo mapulani anu eni. Ngati mukudziwa kuti pakatha zaka zitatu mudzagulitsa kuti mugule chachikulu, zaka zanu ndi zitatu, ngakhale chitsulocho chikhoza kupirira zaka zina zambiri kwa munthu wina.

Tinene kuti mmisiri waona zonse, waganiziranso kuti mota yakulungidwa kumene, ndipo wati zaka 5. Mayiwa alembe chiganizo chimenechi pa pepala, ndi tsiku lake ndi zifukwa zake, n'kuchisunga pamodzi ndi marisiti. Tsiku lina mlongo wawo kapena banki idzafunsa kumene nambala 5 inachokera.

Nambala yachitatu ndi ndalama zimene chigayocho chidzabweze pochitaya. Pakutha pa zaka 5 sichidzasanduka mpweya. Mota idzagulika, thupi lake lidzapita kwa wina wofuna zipangizo kapena kwa ogula zitsulo. Njira yabwino yopezera nambalayi ndiyo kufunsa kuti chigayo chokalamba ngati mmene ichi chidzakhalire chikugulidwa zingati lero, kenako n'kuchotsapo ndalama zomasulira ndi kunyamula. Musayerekeze mitengo ya 2029, palibe amene akuidziwa. Tinene kuti apeza K1,800,000.

Tsopano masamu. Pa K16,200,000 tichotsepo K1,800,000, zitsala K14,400,000. Zimenezi ndizo ndalama zodyeka. Tizigawe pa zaka 5, tipeza K2,880,000 pa chaka. Tigawenso pa miyezi 12, tipeza K240,000 pa mwezi. Sungani nambala ya pa mweziyi, chifukwa ndi imene imamasula nkhani yonse ya chaka chosakwanira.

Chigayocho sichinakhale ndi mayiwa chaka chonse cha ndalama, choncho sichingasenze K2,880,000 yonse m'chaka choyamba. Tiwerenge miyezi. Koma tiyambire pati? Anagula pa 20 Sepitembala. Chinafika ku Mponela masiku angapo pambuyo pake. Maziko anafuna nthawi kuti aume, mota inali kwa mmisiri, ndipo zonse zinamangidwa n'kuyesedwa pofika pa 1 Novembala. Mwambo wotsegulira, pamene abusa anabwera kudzapemphera ndipo makasitomala oyamba anabwera ndi zitini zawo, unachitika pakati pa Novembala.

Tsiku loyenera ndi 1 Novembala. Kutha kwa mtengo kumayamba kuwerengedwa pamene makina ali pamalo pake ndipo akhoza kugwira ntchito. Sikuyamba pa tsiku lolipira, poti mu Okutobala chigayocho chinali zidutswa, mota kwina thupi kwina. Sikudikiranso kasitomala woyamba, poti kuchedwa kutsegula ndi chisankho cha mwini, makinawo anali okonzeka kale. Kuchokera pa 1 Novembala 2024 kufika pa 31 Malichi 2025 pali Novembala, Disembala, Januwale, Febuluwale ndi Malichi, miyezi 5. Werengani ndi zala, musachite manyazi. Anthu ambiri amasochera ndi mwezi umodzi chifukwa chochotsera nambala ya mwezi uwu pa nambala ya mwezi uwo m'mutu.

Miyezi 5 kuchulukitsa ndi K240,000 ndi K1,200,000. Imeneyi ndiyo dipurisiyeshoni ya chaka choyamba. Ichotsedwa pa phindu la chakacho monga ndalama zowonongedwa, ndipo pa 31 Malichi 2025 chigayocho chidzaoneka m'mabuku pa K15,000,000. Amene amalemba mabuku pa kompyuta, mu Excel, akhoza kupeza yankho lomweli polemba izi:

```
=SLN(16200000,1800000,5)*5/12
```

Onani kuti chimene chikulamulira ndi tsiku lotsekera mabuku anu. Bizinesi ina imene imatseka pa 31 Disembala, itagula chigayo chomwechi, ingawerengere miyezi iwiri yokha m'chaka choyamba, K480,000. Makina ndi amodzi, mtengo ndi umodzi, koma chaka choyamba n'chosiyana kutalika.

Nanga kuwerenga masiku? N'zotheka. Kuchokera pa 1 Novembala kufika pa 31 Malichi ndi masiku 151. Tikachulukitsa K2,880,000 ndi 151 n'kugawa ndi 365, tipeza K1,191,452. Kusiyana kwake ndi njira ya miyezi ndi K8,548 chabe, ndalama zimene sizingasinthe maganizo a munthu aliyense wowerenga mabukuwo. Kwa bizinesi yaing'ono miyezi ndi yokwanira. Chofunika ndi kukhala ndi lamulo limodzi la masiku apakati pa mwezi. Ena amati makina akakonzeka pasanafike pa 15 mweziwo uwerengedwe wonse, akakonzeka pambuyo pake tiyambire mwezi wotsatira. Lamulo limeneli lilibe vuto bola mulitsate pa katundu yense, chaka ndi chaka, osati kulisintha pofuna kuti phindu lioneke lalikulu mukamapita kukapempha ngongole.

Palinso makampani amene ali ndi chizolowezi chowerengera chaka chathunthu m'chaka chogula, n'kusawerengera kanthu m'chaka chogulitsa. Kwa kampani imene imagula zipangizo zing'onozing'ono zambirimbiri chaka chilichonse, zolakwika zake zimaphimbana. Kwa mayi a chigayo chimodzi njira imeneyi sindiivomereza. Ikanachotsa K2,880,000 m'malo mwa K1,200,000, phindu la chaka choyamba likanachepa ndi K1,680,000, ndipo mlongo wa ku Joni akanauzidwa kuti gawo lake ndi lochepa ndi K840,000 kusiyana ndi mmene liyenera kukhalira. Mabanja amadana pa ndalama zochepa kuposa pamenepa.

Zaka zotsatira ndi zosavuta. Chaka chilichonse chathunthu chimatenga K2,880,000. Pa 31 Malichi 2026 chigayocho chidzakhala pa K12,120,000, mu 2027 pa K9,240,000, mu 2028 pa K6,360,000, ndipo mu 2029 pa K3,480,000. Apa mpamene ambiri amaiwala mchira. Zaka 5 ndi miyezi 60. Tawerenga 5 m'chaka choyamba ndi 48 m'zaka zinayi zathunthu, ndiye kwatsala 7, kuyambira Epulo mpaka Okutobala 2029. Miyezi 7 imeneyi ndi K1,680,000, ndipo tikaichotsa pa K3,480,000 tifika ndendende pa K1,800,000 ija. Moyo wa zaka 5 wakhudza zaka 6 za mabuku. Iyi ndi njiranso yodziyesera: ngati mzere womaliza wa masamu anu sukuthera pa mtengo wotsala umene munayamba nawo, pali mwezi umene mwauwerenga kawiri kapena mwaudumpha. Mukafika pamenepo lekani kuchotsera, ngakhale chigayo chikhale chikugayabe.

Wina angafunse za miyezi imene chigayo chimangokhala. Mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimasowa m'makomo, ogayitsa amachepa, ndipo pali masiku amene magetsi kulibe. Kodi miyezi yotere nayonso itenge K240,000? Inde. Njira ya mzere wowongoka imayenda ndi nthawi, osati ndi matumba agayidwa. Makina ongokhala amachita dzimbiri, amakalamba, ndipo tsiku lowataya limayandikirabe. Amene akufuna kuti kuchotsera kuziyenda ndi ntchito ayenera kusankha njira ina kuyambira pachiyambi, yowerengera maola kapena matumba, ndipo ikufuna kaundula wa tsiku ndi tsiku amene zigayo zambiri sizisunga.

Tibwerere ku zaka zija, tione chimene chimachitika munthu akatenga za chigayo chatsopano. Mayiwa akanalemba zaka 10, akanachotsa K120,000 pa mwezi m'malo mwa K240,000. Chaka chilichonse chathunthu phindu likanaoneka lokwera ndi K1,440,000, ndalamazo zikanagawidwa n'kudyedwa. Pakutha pa zaka 5 chigayo chatheratu, m'mabuku chikuoneka K9,000,000, wogula akupereka K1,800,000. Kusiyana kwa K7,200,000 kukanagwa kamodzi m'chaka chimodzi ngati kuluza. Kuluza kumeneku sikukanabadwa chaka chimenecho ayi, kunali kukukula mwakachetechete kuyambira tsiku loyamba.

Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Ndalama zokonzera zikamakwera chaka ndi chaka, masiku oima chifukwa cha kuwonongeka akamachuluka, ufa ukamatuluka wochepa pa ola kusiyana ndi kale, ndiye kuti zaka zimene munalemba zinali zambiri. Zikatere simufufuta mabuku akale. Mumakonza kuyambira pamene mwazindikira kupita m'tsogolo. Tinene kuti pa 1 Epulo 2026 mmisiri waona kuti chigayo chija chatsala ndi zaka ziwiri zokha, osati miyezi 43 imene inali pa pepala. M'mabuku chili pa K12,120,000. Tichotsepo K1,800,000, zitsala K10,320,000, tigawe pa miyezi 24, tipeza K430,000 pa mwezi. N'zowawa, koma kuli bwino kumva kuwawako pang'onopang'ono. N'chifukwa chake potseka mabuku chaka chilichonse muyenera kudzifunsanso ngati zaka zotsala ndi mtengo wotsala zikadali zoona.

Pali malire awiri amene wowerenga ayenera kuwadziwa, kuti asayembekezere kwa nambalayi zimene siingachite. Oyamba ndi a msonkho. Bungwe lotolera misonkho la MRA silitenga dipurisiyeshoni ya m'mabuku anu monga mmene mwaiwerengera. Powerengera msonkho, ndalama zimenezi zimabwezeredwa pa phindu, ndipo m'malo mwake mumachotsa zimene lamulo la misonkho limalola pa makina, zimene zili ndi maperesenti ake ndi kawerengedwe kake. Choncho K1,200,000 yathu ndi yokuuzani inu, mnzanu wa mu bizinesi ndi banki zoona za phindu. Pa fomu ya msonkho pamafunika masamu ena, ndipo pamenepo funsani akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la ICAM kapena ofesi ya MRA imene muli nayo pafupi.

Malire achiwiri ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Kulemba K240,000 m'buku mwezi ndi mwezi sikuika ndalama pambali. Ndi kuvomereza chabe kuti gawo limenelo la zimene mwatolera si phindu. Ngati ndalamazo zapita ku fetereza ndi fizi, m'buku mudzakhala manambala abwino koma m'thumba mulibe chogulira chigayo china. Ndiponso ngakhale mutasunga tambala iliyonse, mudzasonkhanitsa K14,400,000 ya mtengo wakale, pamene zigayo ndi mota zimatsata ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anagula makina zimenezi zisanachitike anapeza kuti ndalama zomwezo sizingagulenso makina ofanana nawo. Masamu a dipurisiyeshoni sakonza vuto limeneli, ndipo musakweze mtengo wa m'mabuku mwa inu nokha pofuna kulithamangitsa. Chimene mungachite ndi kutenga K240,000 ngati poyambira pa zosunga zanu, n'kumaonjezerapo molingana ndi mitengo imene mukuiona pa msika.

Nambala yomweyi ilowenso pokonza mtengo wogayitsira. Chigayo chikamagwira masiku 26 pa mwezi, K240,000 ndi ndalama zoposa K9,200 pa tsiku, musanalipire magetsi, lendi, sefa kapena wantchito. Mwini chigayo amene amatsitsa mtengo wa chitini kuti alande makasitomala a mnzake, osawerengera K9,200 imeneyi, akugulitsa chigayo chake pang'onopang'ono kwa ogayitsa.

Ngati mwagula makina akale chaka chino, kaya ndi chigayo, jenereta, makina osokera kapena firiji ya mu golosale, musadikire mwezi wotseka mabuku. Sonkhanitsani marisiti a kugula, kunyamula, kumanga ndi kukonza koyamba adakalipo, lembani tsiku limene makinawo anakonzeka kugwira ntchito, ndipo pemphani mmisiri akuuzeni zaka zotsala pa pepala losainidwa. Mukakhala ndi zitatu zimenezi, masamu otsalawo mudzawamaliza pa mphindi zochepa.